Bulangete lodula lizituluka poyamba

"Abale, ndili ndi kabanka ka mabulangete ku Domwe. Ndimagulitsa la mametikali 450 ndi la 900, koma ambiri akungotenga la 450 lomwe phindu lake ndi lochepa. Wina wandiuza kuti ndipikule lina lodula kwambiri, ndiziyamba kuonetsa limenelo. Kodi zimathandizadi, kapena ndingotayapo mpamba?"

Achemwali, zimathandiza ndithu. Ine ndakhala ndikuchita zimenezi mu loja yanga kuno ku Ulongwe kwa nyengo zozizira zingapo. Koma ndinayamba ndapsa nazo kaye, ndiye musanathamangire kokapikula, mundilole ndikufotokozereni mofatsa.

Munthu akabwera kudzagula bulangete sakhala ndi mtengo wake m'mutu. Shuga, mchere, mafuta ophikira, zimenezo amagula sabata ndi sabata, ndipo mukangowonjezera mametikali 5 amadziwa pompo. Bulangete amagula kamodzi pa zaka zitatu kapena zinayi. Ndiye mtengo woyamba umene waumva pa banka panu ndi umene amausandutsa muyeso, n'kumayezera mitengo ina yonse. Panopa muyeso wanu ndi 450. Akangomva 900 mtima umagunda, amati kawiri konse! Koma akanayamba wamva 1,800, ndiye kenako 900, akanati theka lokha. Bulangete ndi lomwe lija, mtengo ndi womwe uja, chasintha ndi malo amene iye waima poliyang'ana.

Si ife a kumsika tokha amene tinaziona. Mu 1974 akatswiri awiri a maganizo a anthu, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, anazunguliza gudumu la manambala pamaso pa anthu, atalikonza kuti liziima pa 10 kapena pa 65. Kenako anawafunsa kuti pa mayiko 100 alionse a m'bungwe la Mgwirizano wa Mayiko, a mu Afirika angakhale angati. Amene gudumu linawaimira pa 10 anayankha cha m'ma 25, a pa 65 anayankha cha m'ma 45. Nambala ya pagudumu inalibe chochita ndi funsolo, koma inawakoka. Ndiye kuli bwanji mtengo weniweni wa katundu amene munthu wamugwira m'manja?

Pali chachiwiri chimene chimagwira ntchito limodzi ndi chimenechi. Zinthu zikakhala ziwiri, la 900 ndiye lodula, ndipo wogula amaopa kukafika kunyumba n'kukauzidwa kuti wasakaza ndalama. Zikakhala zitatu, lomwelo limasanduka lapakati. Munthu safuna kuoneka wotsalira potenga chotchipitsitsa, safunanso kudzipweteka ndi chodulitsitsa, pakati ndi pamene mtima umakhala m'malo. Itamar Simonson ndi Tversky yemweyo anaziyesa ndi makamera mu 1992. Ali awiri, anthu anagawanika pakati ndi pakati. Ataikapo wachitatu wodula kwambiri, wapakati uja anasankhidwa ndi anthu oposa theka, osankha wotchipa n'kuchepa kwambiri.

Tsopano ndikuuzeni mmene ndinapsera. Chaka choyamba ndinaganiza kuti likadula kwambiri ndiye kuti lapakati lioneka lotchipa kwambiri. Ndinatenga bulangete limodzi lalikulu la ubweya wautali, la m'chikwama cha zipi, ndinaliika pa 4,500 n'kulipachika pakhomo penipeni ndi pepala la mtengo. Anthu ankaima, kuwerenga pepala, n'kupitirira osalowa. Mayi wina ndinamumva akuuza mnzake kuti "muno ndi mwa mabwana, tiyeni uko." Sabata ziwiri za Juni, kuzizira kuli pachimake, malonda anga anatsika. Ndinaphunzira kuti muyeso umagwira pokhapokha wogula akuona kuti ndi katundu wa anthu ngati iye, kungoti lero ndalama sizikukwana. Mtengo ukathawa kwambiri saufanizira ndi kanthu, amangoti malo ano si ake. Kwa ine chimene chayenda ndi chakuti lodula likhale pafupifupi kawiri pa lapakati, osapitirira pamenepo kwenikweni. Kwa inu ndiye kuti cha m'ma 1,600 mpaka 1,800.

Mmene ndimachitira tsiku lililonse ndi motere. Pakhomo ndimapachika lapakati ndi lotchipa, kuti aliyense alowe mosaopa. Lodula limakhala m'kati, pamwamba, pooneka. Munthu akati akufuna bulangete, sindimufunsa kuti ali ndi zingati, chifukwa akangotchula nambala ndiye kuti muyeso wauika yekha ndipo sasunthanso. Ndimamufunsa kuti ndi la bedi lotani, la ana kapena la akuluakulu. Akayankha ndimatsitsa lodula lija, kutsegula zipi, n'kumusenzetsa m'manja kuti amve kulemera kwake. Mtengo ndimautchula bwinobwino, osapepesa, osaseka.

Mwezi wathawu kunabwera bambo wina wa ku Tsangano ndi mkazi wake pa njinga yamoto, atangogulitsa kachewere. Ndinawapatsa la 1,800. Mayiyo analipaka patsaya, kenako analitsina m'mphepete kuti aone ngati ndi lophatikiza nsalu ziwiri. Bamboyo atamva mtengo anangoti "ii, ayi." Sindinawakakamize. Ndinalisiya lotambasula pa tebulo pomwepo, n'kutenga la 900 kuliyala pambali pake. Ndinawauza zoona, kuti kukula ndi kumodzi, ili nalonso ndi lophatikiza, kungoti ndi lopepukirapo ndipo lilibe chikwama. Mayiyo anaika dzanja limodzi pa ili, lina pa ilo, n'kuyang'ana mwamuna wake. La 450 ndinalitulutsa pomaliza, ndipo atalikweza kuloza kuwala kwa pakhomo anaona okha kuti ndi la nsalu imodzi. Anatenga la 900. Taonani kuti lodula silinabwerere m'mwamba mpaka iwo atalipira. Likachoka pamaso, muyeso umabwerera ku lotchipa.

Pamenepo pali mfundo imene ambiri amaiphonya. Lapakati liyenera kufanana ndi lodula pa ubwino, osati ndi lotchipa. Ngati la 900 lanu likusiyana ndi la 450 pa mtundu wa maluwa okha, kubweretsa lachitatu sikukuthandizani. Wogula adzagwira onse atatu, adzaona kuti awiri ndi amodzi, n'kutenga lotchipa monga kale. Yambani mwaliyang'ana la 900 lanulo moona mtima. Kodi inuyo mungalipire kawiri chifukwa cha kusiyana kumene kulipo?

Tiwerengere ndalama, chifukwa nkhani yonse ili pamenepa. Mitengo yanga yopikulira, ndikaphatikiza ya mayendedwe, inali 370, 620 ndi 1,400. Ndiye phindu ndi 80 pa lotchipa, 280 pa lapakati, 400 pa lodula. Ndili ndi mitundu iwiri yokha, pa ogula 20 amene ndinalemba m'kope, 13 anatenga lotchipa, 7 lapakati, phindu lonse 3,000. Nditabweretsa la 1,800, pa ogula 20 otsatira, 7 anatenga lotchipa, 11 lapakati, 2 lodula, phindu 4,440. Ogula ndi ochuluka chimodzimodzi, koma m'thumba mwawonjezeka 1,440, ndipo gawo lalikulu lachokera ku lapakati. Awa ndi manambala a loja yanga pa nyengo imodzi, anu adzakhala ena. Chimene muyenera kutengapo ndi kawerengedwe kake. Ngati phindu la pa la 900 lanu silikuposa kwenikweni la pa la 450, mukuvutikira chabe kukokera anthu pakati.

Za mpamba musadandaule kwambiri, bola musapikule ambiri. Ine ndimatenga atatu okha, 4,200, ndalama imene ikanagula apakati pafupifupi 7. Awiri angakukwaneni poyambira. Limodzi lokha ayi, chifukwa likagulidwa mwatsala opanda muyeso mpaka ulendo wina wokapikula. Muzilibwezera m'chikwama mukatha kuonetsa, fumbi la pamsika likalidetsa mudzalephera kuligulitsa pa mtengo wake.

Pa kunenerera samalani kwambiri. Anthu athu sagula osanenerera, ndipo ndi bwino kusiya kampata, mwina 50 pa lapakati. Koma lodula musalitsitse mopitirira. Munthu akati 1,800 yachuluka inu n'kugwera pa 1,100 nthawi yomweyo, mwamuuza kuti mitengo yanu yonse ndi yongokweza, ndipo la 900 adzalifuna pa 500. Kuli bwino kumupatsa basela, kaya kansalu ka pilo, kusiyana ndi kugwetsa muyeso.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse, achemwali, n'chakuti lodulalo likhale lenileni, loti mwalipikuladi modula ndipo wina akalifuna mumugulitsa mokondwa. Ndaona anzathu akulemba pa katoni kuti "linali 1,500, tsopano 900" pa katundu amene sanagulitsidwepo pa 1,500. Limenelo ndi bodza, si luso la malonda. Kuno ku Angoniya silikhalitsa. Anthu amayenda, amadutsa pa Kalomwe kupita ku Dedza, ena amakagula ku Lizulu, ena ali ndi ana ku Tete amene amawauza mitengo pa foni. Amene mwamunamiza lero mukumana naye kumaliro mawa, ndipo m'mudzi mwake simudzagulitsanso. Lotchipa nalonso musalinyoze pofuna kukweza lapakati. Agogo amene ali ndi 450 yokha apite akudziwa kuti agula chinthu chabwino pa ndalama yawo, osati achoke ndi manyazi.

Kumbukiraninso nyengo. Njira imeneyi imagwira pamene munthu ali ndi ndalama yoti angathe kusankha, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti anthu akagulitsa soya, fodya ndi kachewere. Mu Januwale ndi Febuluwale, ndalama zonse zitapita ku feteleza ndi chimanga, amene ali ndi 450 ali ndi 450 basi, ngakhale mumuonetse chiyani. Nthawi imeneyo ine lodula sindilitsitsa n'komwe pokhapokha wina alifunse.

Kuti mudziwe ngati zikuyenda, tengani kope, mujambule mizere inayi: lotchipa, lapakati, lodula, ndi amene afunsa mtengo n'kuchoka osagula. Yambani kulemba lero, lachitatu lisanabwere, kwa masiku a msika osachepera anayi, kenako mulembenso anayi litabwera. Musafanizire sabata ya kumapeto kwa mwezi ndi ya pakati pa mwezi, zikupusitsani. Mzere wachinayi ndiwo muziuyang'anitsitsa. Lapakati likakwera koma ochoka osagula nawonso achuluka, ndiye kuti lodula likuthamangitsa anthu monga linandichitira ine. Pamenepo lichotseni pooneka, kapena ulendo wina mupikule la m'ma 1,500 m'malo mwake, muyesenso.