Kuchotsa mawu ndi chithunzi pa kavidiyo

"Ndili ndi kavidiyo ka ulaliki ka mphindi ziwiri, koma pagulupu anthu akudandaula bando. Ndingachotsemo bwanji mawu okha ndi chithunzi?"

Achimwene, ngati muli ndi kompyuta ikani pulogalamu yosinthira mavidiyo ndi mawu ya ffmpeg, mutsegule Command Prompt kapena Terminal mu foda momwe muli kavidiyoko, mulembe izi:

```
ffmpeg -i ulaliki.mp4 -vn -ac 1 -b:a 48k ulaliki.mp3
```

Mphindi ziwiri sizikwana ndi 1 MB yomwe, mawu a munthu amamveka bwinobwino, koma kwaya ndiye imaphwanyika, pamenepo ikani 96k m'malo mwa 48k.

Chithunzicho imitsani vidiyo pomwe abusa sanaphethire, mujambule sikirini, musankhe chiganizo chimodzi chokha mulembe zilembo zikuluzikulu pomwe pali mdima, chifukwa WhatsApp imafinya zithunzi ndiye tizilembo tating'ono timangosanduka phala. Dzitumizireni kaye nokha muone ngati zikuwerengeka osakulitsa. Ine ndinalembapo ndime yonse, palibe anawerenga.