Soya wachikasu pafupi ndi khobwe wobiriwira: yankho lili ku mizu

"Ndimakhala ku Orange Farm, ndipo kuseri kwa nyumba ndili ndi kadimba. Mu Novembala ndinabzala soya mizere isanu ndi umodzi ndi khobwe mizere iwiri, popeza kumudzi alangizi ankati mbewu za mtundu wa nyemba zimadzipangira zokha feteleza. Khobwe akusangalala, koma soya wachita chikasu ndipo wapinimbira. Mnzanga akuti ndithire yureya. Kodi alangizi aja ankatinamiza?"

Bambo, alangizi sanakunamizeni, koma anakuuzani theka la nkhani, chifukwa chimene chimapanga chakudya cha mbewucho si soya kapena khobwe, koma tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa raizobiyamu, timene ndi mtundu wina wa mabakiteriya a m'nthaka. Ngati tizilomboti mulibe m'dimba mwanu, soya amamva njala mofanana ndi chimanga chosathira feteleza.

Mpweya umene timapumawu, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitrojeni, yemweyo amene timagula ndi ndalama zambiri m'thumba la yureya. Vuto ndi lakuti mumlengalenga amakhala maatomu awiriawiri ogwirana mwamphamvu kwambiri, N₂, ndipo palibe chomera chimene chingawalekanitse. Raizobiyamu amatha kutero. Amalowa mu muzu kudzera m'timaubweya take, muzuwo n'kutupa n'kupanga timatuza, ndipo m'katimo amasandutsa nayitrojeni wa mumpweya kukhala amoniya, amene mbewu imamangira mapuloteni. Mbewu imalipira ndi shuga wochokera m'masamba, ndipo malipirowo si ochepa. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererako pa nkhani ya yureya.

Tsono raizobiyamu sali mtundu umodzi, ndipo mbewu iliyonse ili ndi amene imagwirizana naye. Khobwe, mtedza, nzama ndi nandolo sizisankha kwambiri. Zimalandira tizilombo timene timapezeka kale m'nthaka zambiri za mu Africa, n'chifukwa chake agogo athu ankakolola khobwe popanda kugula kanthu. Soya anachokera ku China, ndipo mitundu yake yambiri imafuna raizobiyamu wakewake, amene kawirikawiri sapezeka m'nthaka imene sinalimidwepo soya. Ku Malawi kuli soya wa Tikolore amene anapangidwa kuti azigwirizana ndi tizilombo ta m'nthaka yathu, koma mbewu yogula kuno ku Joni musaiyembekezere kukhala yotero. Mizere yanu iwiri ya khobwe ndi umboni wabwino kwambiri, popeza ikusonyeza kuti nthaka, madzi ndi dzuwa sizili zoipa kwenikweni.

Musanathire chilichonse, kumbani. Nthawi yabwino ndi pakati pa masabata anayi ndi asanu ndi limodzi mbewu itamera, kapena ikayamba maluwa, ndipo yanu yafikapo kale. Tengani khasu mukumbe mapando atatu a soya ndi limodzi la khobwe pamodzi ndi dothi lake. Musazule ndi dzanja, chifukwa timatuza timathothoka n'kutsala pansi, inu n'kuganiza kuti palibe. Viikani mizuyo m'chidebe cha madzi kuti dothi lisungunuke, kenako muyang'ane. Timatuza tenitenito timakhala tozungulira, tomamatira m'mbali mwa muzu, ndipo timachoka mukatikanda ndi chikhadabo. Mukaona muzu weniweniwo utatupa mfundomfundo zosachoka, amenewo ndi matenda a minyongolotsi ya m'mizu, ofanana ndi amene mumawaona pa tomato.

Dulani katuza kamodzi pakati ndi lezala. Ngati m'kati muli mofiirira ngati nyama yaiwisi, ntchito ikuyenda. Kufiirako kumabwera ndi puloteni yofanana ndi imene imafiiritsa magazi athu, ndipo ntchito yake ndi kugwira okosijeni, chifukwa chida chimene tizilomboti timaswera nayitrojeni chimawonongeka chikakumana ndi okosijeni wambiri. Ngati m'kati muli moyera, katuzako n'kakang'ono kapena mwalowa tizilombo taulesi, todya shuga osabweza kanthu. Ngati muli mobiriwira kapena moderako, kakalamba. Ine ndikuyembekezera kuti pa khobwe mupeza tofiira tambiri, pa soya osapeza kalikonse. Yang'ananinso masamba: njala ya nayitrojeni imayambira pa masamba akale a m'munsi, amene amachita chikasu tsamba lonse, osati pa ansonga.

Ngati soya alibedi timatuza, mnzanu uja wanena zoona pa chaka chino chokha, ndipo thirani yureya pang'ono m'mbali mwa mzere pa nthaka yonyowa, n'kukwirira. Khobwe yekhayo musamuthire. Mbewu ikapeza nayitrojeni waulere m'nthaka imaleka kulipira shuga, timatuza tatsopano sitipangika, takale timachepetsa ntchito, ndipo mumakhala mwagula ndi ndalama chinthu chimene munali kulandira kwaulere.

Chaka chamawa gulani inokulanti, ufa wakuda wokhala ndi raizobiyamu wamoyo, umene umagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zaulimi. Muonetsetse kuti paketiyo yalembedwa kuti ndi ya soya ndiponso kuti tsiku lake silinapitirire, chifukwa wa nyemba sagwira pa soya. Popeza ndi chinthu chamoyo, musachisiye pazenera la tekisi kapena m'chipinda cha malata masana. Chisungeni pozizira, koma osati poundanitsa madzi. Nyowetsani mbewu pang'ono ndi madzi osungunuliramo shuga, muwaze ufawo motsata muyeso wa pa paketi, musakanize mpaka njere iliyonse itada, muyanike pamthunzi kwa kanthawi, ndipo mubzale tsiku lomwelo pa nthaka yachinyezi. Madzi a pampopi a kuno ali ndi klorini amene ntchito yake ndi kupha mabakiteriya, choncho ndi bwino kugwiritsa ntchito amvula. Nthaka zambiri za dera lino n'zowawasa ndiponso zosowa fosiforasi, ndipo zonse ziwirizi zimalepheretsa timatuza, kotero laimu wothira mwezi umodzi kapena iwiri musanabzale, ndi feteleza wa fosiforasi pobzala, zimathandiza soya kuposa yureya.

Pali chinthu chinanso chimene ambiri timalakwitsa, ndicho kuganiza kuti nayitrojeni yense amene wagwidwa amatsala m'munda. Wochuluka amapita m'njere, ndipo mukakolola soya mumamunyamula kupita naye kukhitchini. Chotsalira mbewu yotsatira ndi masamba oyoyoka, mapesi, mizu ndi timatuza, ndipo izi ziyenera kuwola kaye. Tizilombo towoletsa timatulutsamo amoniyamu, mabakiteriya ena amamusandutsa nayitireti, amene chimanga chimamwa mosavuta. Koma nayitireti samamatira ku dothi. Mvula yamabingu ya Disembala ndi Januwale imamutsitsira pansi pomwe mizu sifika, ndipo pamene madzi adikha masiku angapo, mabakiteriya enanso amamubweza mumlengalenga ali mpweya uja anachokera. Kuwotcha zinyalala, monga timachitira kwathu pososa, kumamutumiza kumwamba tsiku limodzi.

Choncho mukakolola mu Malichi kapena Epulo, dulani mapesi pamwamba pa nthaka, mizu muisiye momwemo, ndipo makoko ndi masamba muwabwezere m'mizere. Nyengo yachisanu ya ku Gauteng ndi youma ndi yozizira, moti zinyalalazo ziwola pang'onopang'ono n'kuyamba kumasula chakudya mvula ikagwa mu Okutobala, nthawi yomwe chimanga chanu chikumera. Pamene panali khobwe mudzaona kusiyana, ngakhale chimangacho chidzafunabe feteleza wobereketsa wocheperapo. Pamene panali soya wa chaka chino musawerengerepo kanthu.