Zachoka kwanu, sizinafike kwawo: musatumizenso

"Achimwene, dzulo madzulo ndinatumizira mayi anga K40,000 kuchokera kubanki kupita pa foni yawo. Kwanga zachoka, kwawo sizinafike, ndipo pakungolemba kuti `Pending`. Nditumizenso, kapena ndidikire mpaka liti?"

Achemwali, chala chanu chisayandikenso batani limenelo. Ine ndinatumizanso, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Malume anga anamwalira Lachisanu lina kumudzi ku Ntcheu, ine ndili ku Blantyre. Za bokosi zinagwera ine, K120,000. Cha m'ma 7 koloko madzulo ndinatumiza kuchokera kubanki kupita pa nambala ya mmisiri. Ndalama zinachoka, uthenga osabwera. Msuweni wanga anali kuimba mphindi zisanu zilizonse: "Nanga bwanji kodi? Bambowa akuti sakhoma msomali asanaone uthenga." Chapatali ndinkamva amayi akulira m'siwa. Ndani angadikire zikatero? Ndinatumizanso, ndipo zachiwirizo zinalowa nthawi yomweyo. Pakati pa usiku zoyamba zija zinalowanso. Mmisiri anadzuka ali ndi K240,000, ndipo pofika Lolemba anali atagula matabwa. Sanakane ayi, munthu waulemu ndithu, koma anandibweza pang'onopang'ono miyezi itatu, ndipo K15,000 yomaliza inabwera ngati kabenchi kamene ndakhalira polemba izi. Kakugwedera mwendo umodzi.

Ndinadzamvetsa pambuyo pake chimene chinachitika. Mukatumiza pa netiweki imodzi, Mpamba kupita ku Mpamba kapena Airtel Money kupita ku Airtel Money, kampani imangochotsa pa dzina lanu nkulemba pa dzina la mnzanu m'kaundula mmodzi, choncho zimatha m'masekondi. Koma kuchoka kubanki kupita pa foni, kapena kuchoka pa netiweki ina kupita pa inzake, pali makaundula awiri a eni awiri. Banki imayamba yachotsa kwanu, kenako imatumiza uthenga kutsidya, mwina mwachindunji mwina kudzera ku National Switch, makina olumikiza mabanki ndi makampani a mafoni, nkudikira yankho loti "talandira". Yankholo likachedwa kapena likatayika panjira, banki sidziwa ngati mayi anu alandira. Siingakubwezereni poopa kuti mwina zafika, siinganenenso kuti zatheka. `Pending` ndi imeneyo: makina akuvomera kuti sakudziwa. Zimachuluka kumapeto kwa mwezi anthu akalandira malipiro, komanso usiku akamakonza makina.

Chimene chimandikwiyitsa nchoti amene anapanga zinthuzi amadziwa zonsezi, koma amatipatsa liwu limodzi la Chingerezi basi. Kodi kulemba kuti "musatumizenso, tikufufuza" kungawadyere ndalama zingati? Ine ndimati ndi ulesi, ndipo amene amaulipira ndi ife a maliro ndi a fizi. Ndiponso akuba amapezera mwayi pomwepa. Munthu ukadandaula pa Facebook kuti ndalama zakakamira, posachedwa wina akuimba ndi mawu okoma, ati ndi wa kukampani, mungomuuza nambala yachinsinsi kuti azimasule. Palibe wa kukampani amene amafunsa nambala yachinsinsi. Dulani foni. Mlamu wanga sanadule, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Nanga mudikire mpaka liti?

Poyamba musakhulupirire uthenga, khulupirirani ndalama zotsala. Nthawi zina ndalama zimafika koma uthenga ndiwo umachedwa. Mayi aone okha zimene zili m'foni mwawo, `*211#` ngati ali pa Airtel Money, `*444#` ngati ali pa Mpamba. Ngati maso akuwavuta awathandize mdzukulu wodalirika, osati aliyense wa pamsika.

Zikanakhala kuti kwanu sizinachoke, ndikanati dikirani theka la ola, muonenso, kenako muyesenso. Koma zanu zachoka, ndiye pali njira ziwiri zokha: zilowa mochedwa ngati zanga zija, kapena zibwerera kwanu mbali ziwirizo zikayerekeza makaundula awo, zomwe kawirikawiri zimachitika pa tsiku la ntchito. Wotumiza Lachisanu usiku akhoza kudikira mpaka Lolemba. Lamulo langa ndi ili: maola 24 akakwana, imbirani mbali imene ndalama zinachokera, kwa inu ndi banki. Mukhale ndi `Transaction ID`, nthawi, ndalama zake ndi nambala ya mayi, ndipo musadule asanakupatseni nambala ya dandaulo lanu. Masiku atatu a ntchito akadutsa, pitani nokha kunthambi mukalembe kalata. Akapitiriza kukuzengerezani, Reserve Bank of Malawi imalandira madandaulo otere.

Ngati mayi sangadikire, mwina ndi za mankhwala, atumizireni zochepa zongokwanira lero kudzera kwa ejenti wa netiweki yawo, muli kudziwa kuti K40,000 ija ikhoza kulowa usiku uno.