Dzina la kampani ya malole odutsa pa Songwe

"Ndili ndi malole awiri kuno ku Mzuzu otenga katundu ku Dar es Salaam. Pa mayina awa, Chikhulupiriro, Liŵiro ndi Tafika, ndi liti limene lingachititse amalonda akunja kutidalira?"

Achimwene, ine ndingasankhe Tafika, ndipo chifukwa chake chili pachipata cha Songwe. Dzina la kampani yanu lidzalembedwa ndi anthu ambiri amene sadziwa Chicheŵa kapena Chitumbuka: wokonza mapepala a katundu kudoko, wa inshuwalansi, ndi wa kasitomu ku Kasumulu, tsidya la Tanzania. Dzinalo likalembedwa mosiyana pamapepala awiri, lole ikhoza kuima pachipata mpaka cholakwikacho chikonzedwe, ndipo mwini katundu sadzafunsa kuti analakwitsa ndani. Adzangoti inuyo ndi osadalirika.

Chikhulupiriro ndi dzina lokoma kwa ife, koma lili ndi zilembo 14, ndipo wolankhula Chiswahili akalimva pafoni akhoza kusiya h kapena kusinthanitsa l ndi r, monga momwe ifenso timachitira. Komanso tanthauzo lake, lomwe ndi limene mukulifunira, limathera pamtsinje wa Songwe. Liŵiro ndikukuletsani ndithu. Chilembo cha ŵ chimavuta pamakompyuta ambiri, ndiponso munthu amene akudziwa chitsetso cha Chiweta safuna kumva kuti katundu wake akuthamanga.

Ubwino wa Tafika ndi wakuti mneni wakuti kufika ali m'Chicheŵa, m'Chitumbuka, m'Chiswahili, ngakhalenso m'Chibemba, ndipo konseko tanthauzo ndi limodzi. Wamalonda wa ku Mbeya akaliwerenga pachitseko cha lole amvamo mawu awo akuti tutafika, kutanthauza kuti tidzafika, pamene wa ku Karonga amva kuti ulendo watheka kale. Limeneli ndi lonjezo limene munthu angathe kuliyesa, chifukwa katundu amafika kapena safika.

Pali malire ake amene ndiyenera kukuuzani. M'Chipwitikizi muli mawu akuti fica, omveka ngati fika, otanthauza kukhala kapena kutsala, choncho ngati mukuganiza zodzapita ku Beira kapena ku Nacala, musadzalifupikitse kukhala Fika, ndipo muyambe mwamva maganizo a amalonda a ku Mozambique.

Musanalipire wolemba zikwangwani, liyeseni motere: imbirani anthu atatu a ku Tanzania, mutchule dzinalo kamodzi kokha, ndipo muwapemphe kuti akutumizireni uthenga atalilemba. Mmodzi akalakwitsa, dziwani kuti pachipata padzachitikanso zomwezo. Kenako mufufuze ku ofesi ya boma yolembetsa makampani kuno kwathu, ku ofesi yofanana nayo ya BRELA ku Tanzania, ndi ku ina ya PACRA ngati mudzalowe m'Zambia, pakuti mawu afupi ndi odziwika ngati amenewa ena angakhale anawatenga kale. Mukapeza kuti ndi choncho, onjezani mawu amodzi osavuta kulemba, monga Mzuzu, ndipo kalembedwe kamene mwalembetsako kakhale komweko pachitseko cha lole, pachidindo ndi papepala la inshuwalansi ya COMESA.