Mipeni ya mphatso ija, uti ndi wa chiyani?

"Alamu, mipeni tinalandira paukwati ija ndi iyi pachithunzipa. Ina sindikuidziwa ntchito yake. Waukulu wamakona anayiwu ndingadulire mafupa a mbuzi?"

Eya alamu, chithunzi ndachiona, ndangoti ndilankhule chifukwa manja ali ndi ufa. Wamakona anayiwo musayambe mwaudulira mafupa, dikirani kaye, ndifikapo.

Wautali uja, wa mano ngati sowo, ndi wa buledi. Umakhala masentimita 20 kapena kupitirirako pang'ono. Manowo amagwira chikhungwa cholimba chija n'kucheka popanda kuphwanya zofewa zam'kati. Mumachita kupita nawo kutsogolo ndi kumbuyo, osakanikiza. Ngakhale tomato wakupsa kwambiri umadula bwino. Koma chonde musaunole pamwala, manowo atha.

Kakang'ono kansonga kaja, kamene chitsulo chake chikungofanana kutalika ndi chala chanu, ndi kosendera. Muona kuti chogwirira chake chikukhala ngati chatalika kuposa chitsulo. Anapanga dala, poti ntchito yake imachitikira m'manja, osati pathabwa: kusenda mbatatesi, mango, kukolowola maso a chinanazi.

Tsopano chimpeni chanucho. Apa ndi pamene anthu ambiri amawononga mpeni wabwino, ndipo ine zimandipweteka. Yamakona anayi ilipo mitundu iwiri, ndipo pachithunzi imaoneka chimodzimodzi. Wina ndi wa m'butchala, wodulira mafupa. Wina ndi wa ophika a ku China, wodulira masamba ndi nyama yopanda fupa.

Ndiye chitani chonchi. Utembenuzeni muyang'ane kumsana kwake, mbali yosathwa ija. Wa mafupa msana wake ndi wonenepa, mamilimita 4, 5, mwina kuposa, ndipo mukaunyamula umalemera mpaka dzanja kumva. Kukamwa kwake sikupyapyala, kumachita ngati kwa nkhwangwa. Nthawi zambiri umakhalanso ndi bowo pakona yakutsogolo, lopachikira. Wa masamba msana wake ndi wopyapyala, mamilimita ngati 2 basi, ndi wopepuka, wakuthwa kwambiri. Umenewo mukaumenyetsa pa fupa la mbuzi umabenthuka. Ine ndinaonapo mnzathu wina kuntchito atatero ndi mwendo wa mbuzi, kamodzi kokha, kukamwa kwa mpeni kunatsala magweru, ndipo tinataya nyama yonse ya pamalopo poopa tizidutswa ta chitsulo.

Muyang'anenso chogwirira. Ngati chitsulo chikuoneka kuti chadutsa pakati mpaka kumapeto, chomangidwa ndi timisomali tiwiri kapena titatu, umenewo ungapirire kumenya. Ngati chitsulo changolowa pang'ono m'pulasitiki, ndipo mukaugwedeza pakumveka kukhwefuka, musamenyere fupa ngakhale utakhala wonenepa, ungakuthawireni m'manja.

Tandijambulireni kumsana kwakeko, muike kamtengo ka machesi pambali kuti ndiyerekeze. Ukangofanana nako kunenepa, ndi wa masamba, mafupawo akakuduliranitu ku butchala.