Ndi liti pamene yankho la makina liyenera kuonedwa ndi mwini chilankhulo?

Funso: "Ndimagwiritsa ntchito pulogalamu ya AI kulemba mauthenga m'chilankhulo chimene ine sindichidziwa bwino, komanso sichipezekapezeka pa intaneti. Zimatuluka zooneka bwino. Kodi nthawi zonse ndiyenera kufuna mwini chilankhulo kuti azione kaye?"

Si nthawi zonse ayi. Moni, mawu othokoza, kapena uthenga umene wolandirayo angathe kukufunsani akapanda kumva, tumizani basi. Koma ngati munthu achitepo kanthu atawerenga, ndipo zimene achitezo sizingabwezedwe, musatumize mwini chilankhulo asanaone. Apa ndikunena za kamwedwe ka mankhwala, pangano la ngongole, kalata yosainira, tsiku lokaonekera kukhoti ndi chenjezo la ngozi. Chimodzimodzi chilichonse chimene chisindikizidwe n'kugawidwa kwa anthu ambiri, chifukwa pepala likachoka m'manja mwanu simungalilondolenso.

Kuoneka bwino kumene mukunenako n'komwe kumapusitsa. Mapulogalamuwa amaphunzira pa zolembedwa, ndipo chilankhulo chokhala ndi zolembedwa zochepa chimawapatsa zokwanira kuti atsanzire kamvekedwe kake, koma osati zokwanira kuti azilondola tanthauzo nthawi zonse. Chiganizo chimatuluka chosalala, cholakwika n'kubisala pa kachilembo kamodzi.

Ndipereke chitsanzo m'Chichewa, poti tonse pano timachimva. Uthenga woyenera ndi uwu: "Imwani piritsi limodzi m'mawa musanadye, kwa masiku 7." Ka "na" kakagwa, "musanadye" amasanduka "musadye", ndipo wodwala akhoza kutandala ndi njala poganiza kuti adokotala amuletsa chakudya. "M'mawa" akalembedwa "mawa", munthu ayamba mankhwala tsiku lotsatira, ndipo nthawi yomwera siitchulidwanso. Pamalo pa "imwani" makina amatha kuika "tengani", mawu amene kwa ife ndi kunyamula chabe. Choopsa kwambiri ndi pamene alemba "imwani" pa mankhwala opaka kapena odonthezera m'maso. Ziganizo zonsezi ndi Chichewa chomveka, palibe chimene pulogalamu yoona kalembedwe ingachikane. Tsono ganizani kuti zoterezi zikuchitika m'chilankhulo chimene inu simungathe kusiyanitsa "dzulo" ndi "madzulo" ake.

Ambiri amadzitonthoza pouza pulogalamu yomweyo kuti ibwezere uthengawo m'chilankhulo choyamba. Zimathandiza kugwira chiganizo chimene chasowa kapena nambala imene yasintha, koma pa tanthauzo musadalire. Makina amene anasokoneza mawu awiri popita akhoza kuwasokoneza mofananamo pobwerera, inu n'kuona zonse zikugwirizana.

Kaonetsedwe kake n'kofunika kuposa kungopeza munthu. Musamupatse mapepala onse awiri, la uthenga woyambirira ndi la zimene makina atanthauzira, n'kufunsa kuti, "Zili bwino?" Akaona kaye choyambiriracho, maso ake amadzaza okha pamene paperewera, komanso anthu ambiri mwaulemu amangoti zili bwino. Mpatseni chotanthauziridwacho chokha, awerenge mokweza, kenako mumufunse mafunso ofuna yankho lenileni: mapiritsi angati? Kangati patsiku? Nthawi yanji? Mpaka liti? N'chiyani chimene chaletsedwa? Lembani mayankho ake, muwayerekeze ndi zimene mumafuna kunena. Pamene wakayikira, kapena wabwerera m'mbuyo kuwerenganso, ikani chizindikiro ngakhale atamaliza n'kuyankha molondola, chifukwa wodwala wotopa sadzabwereranso m'mbuyo. Mukatero m'pamene mungamuonetse choyambirira kuti mukonzere limodzi. Uthenga wa mizere isanu sukutengerani mphindi zoposa khumi.

Wowerengayo akhale wochokera kumene uthengawo ukupita, popeza chilankhulo chimodzi chimasiyana malinga ndi dera, ndipo mawu wamba kwina amakhala achipongwe kwina. Pa zamankhwala ndi zamalamulo ine ndimaona kuti munthu mmodzi sakwanira. Pafunika wodziwa ntchitoyo, kuti aone ngati mawu monga "chikole" kapena "chiwongoladzanja" agwera pamalo pake, ndi munthu wamba woti atsimikize kuti zikumveka. Wodziwa ntchito yekha amamva ngakhale zolembedwa mokhota, chifukwa nkhaniyo amaidziwa kale.

Musanapereke kwa makina, fupikitsani ziganizo, lamulo limodzi pa chiganizo chimodzi, ndipo manambala ndi madeti muzilembe ndi zizindikiro: 7, osati "asanu ndi awiri". Mukasintha mawu ngakhale amodzi mwini chilankhulo ataona kale, chiganizo chimenecho chibwererenso kwa iye. Ndipo ngati mwasowa woti aone pamene nkhani ndi ya mankhwala, musatumize cholembedwacho chokha; pezani womasulira wolankhula naye wodwalayo pafoni kapena pamaso, wodwalayo abwereze ndi pakamwa pake kuchuluka ndi nthawi yomwera.