Kasitomala akadulidwa kawiri, foni imalira kwa inu

"Abale, kodi `Idempotency-Key` ndi yofunikadi pa malipiro? Ine ndimangotumiza `POST`, ikakanika ndimatumizanso basi."

Akulu, ikani kiyiyo lero lomwe. Ndi chizindikiro chimene mumatumiza pamodzi ndi pempho kuti seva idziwe ngati pempholo ndi lobwereza. Mukaona `timeout` simudziwa chimene chachitika kutsidyako. Mwina pempho silinafike n'komwe pa seva ya kampani yamalipiro. Mwinanso linafika, ndalama zinadulidwa bwinobwino, koma yankho ndi limene linatayika pobwerera. Kumbali yanu zonsezi zimaoneka chimodzimodzi. Mukatumizanso popanda kiyi, seva ija imaona ngati ndi malipiro atsopano, n'kudulanso.

Ife zinatigwera usiku wina netiweki ikuvuta. Seva yamalipiro imachedwa kuyankha, pulogalamu yathu imadikira masekondi 30 kenako n'kutumizanso yokha. M'mawa foni ili ngiriri ngiriri. Mayi wina anatumiza chithunzi cha mauthenga a kubanki, ndalama yomweyo yachoka katatu, mauthengawo motsatizana, kusiyana kwake theka la miniti basi. Ndikatsegula databesi yathu, oda yake ikuonetsa kuti sanalipire n'komwe, chifukwa ife sitinalandire yankho ngakhale limodzi. Mayiwo akulira pa foni kuti akauntiyo yatsala yopanda kanthu, ine ndikuyang'ana sikirini yomwe ikundiuza kuti ali ndi ngongole. Thukuta kamukamu.

Chowawa kwambiri n'chakuti kiyi inalimo! Mkulu amene analemba gawo limenelo, yemwe nthawiyo anali atasiya kale ntchito osasiya ngakhale kapepala kofotokoza, anachita izi:

```
for attempt in range(3):
    key = uuid4()
    try:
        charge(order, key)
        break
    except TimeoutError:
        continue
```

Mwaona? Ulendo uliwonse kiyi yatsopano. Seva imasunga kiyi pamodzi ndi yankho la pempho loyamba, ndipo kiyi yomweyo ikabweranso imangobweza yankho lakalelo osakhudzanso ndalama. Koma mukaipatsa makiyi atatu osiyana, mwaiuza nokha kuti awa ndi malipiro atatu. Titamuimbira mkuluyo anangoti "kwa ine zinkagwira". Zinkagwira bwanji osayesapo netiweki itaduka? Abwana nawonso, amene ankatikaniza nthawi yoyesa zinthu ngati zimenezi ati zikuchedwetsa ntchito, ndi amene anali patsogolo kufunsa kuti tinali kuti. Kubweza ndalama za anthu kunatenga masiku, ndipo amene ankatukwanidwa ndi ife otsala.

Kiyi ipangidwe kamodzi, pa nthawi imene kasitomala waganiza zolipira oda imeneyo, ndipo isungidwe mu databesi pamodzi ndi odayo musanatumize chilichonse. Mukaisunga m'memore mokha, pulogalamu ikazima n'kuyakanso ipanga ina, mwabwerera pomwe paja. Kasitomala akadina batani kawiri, kiyi ikhale yomweyo. Koma akabwera mawa kudzagula chinthu chomwecho pa mtengo womwewo, amenewo ndi malipiro ena, kiyi ina. N'chifukwa chake musapange kiyi pophatikiza nambala ya kasitomala ndi mtengo, mudzakana malipiro enieni. UUID v4 imakwana.

Werenganinso malamulo a kampani imene mukugwiritsa ntchito, chifukwa kiyi sikhala mpaka kalekale. Mwachitsanzo Stripe imalola kiyi yofika zilembo 255, ndipo imatha kuichotsa ikapitirira maola 24. Mukatumizanso patapita masiku awiri, ikhoza kuonedwa ngati pempho latsopano. Imasunganso yankho loyamba ngakhale litakhala `500`, ndiye kubwereza ndi kiyi yomweyo kumangokubwezerani `500` yemweyo. Mukasintha mtengo koma kiyi ili yakale, imakana.

Ngati seva yolandira malipiro mukulemba ndinu, musachite zoyamba mwafufuza ngati kiyi ilipo kenako n'kuilemba. Mapempho awiri akafika nthawi imodzi, onse apeza kuti palibe, onse adula. Ikani `UNIQUE` pa kolamu ya kiyiyo, lembani kiyi kaye, wachiwiriyo databesi imukane yokha, inu mumubwezere `409` adikire.

Koma kunena zoona, ine chichitikireni zimenezo sindilolanso pulogalamu kubwereza yokha pa nkhani ya ndalama, kaya kiyi ilipo kaya palibe. Ikaona `timeout`, oda ndimaiika pa `pending`, ndifunse kaye ndi `GET` ngati malipirowo anadutsa, kapena ndidikire uthenga wotsimikizira wochokera kukampaniko. Kasitomala aone mawu oti "tikutsimikizira malipiro anu, musalipirenso", batani lija lizimitsidwe. Ndipo musanatulutse pulogalamuyo, dulani dala kulumikizana pempho litangochoka, yankho lisanabwere, kenako mukawerenge kutsidyako kuti ndalama yachoka kangati.